Banki m'khonde: mafunso ndi mayankho pa masheya, ngongole ndi tsiku logawana

Ndakhala mlembi wa banki m'khonde kwathu kuno, chakufupi ndi Chitakale ku Mulanje, kwa zaka zingapo ndithu. Disembala aliyense pakhomo panga pamafika anthu a m'magulu ena, makope ali kukhwapa, kuti ndiwathandize kuwerengetsa. Ambiri amabwera atakwiyirana kale. Ndikatsegula kope, nthawi zambiri ndimapeza kuti mkanganowo unabzalidwa kalekale, tsiku limene gulu linapereka ngongole ina mu Juni popanda woifunsa mafunso, ndipo Disembala wangouvundukula. N'chifukwa chake mayankho anga ambiri ali pa ngongole. Ndalama za m'zitsanzo ndazisankha ndekha kuti masamu aoneke bwino, gulu lanu liike zake.

Tikhale anthu angati, ndipo pafunika maudindo ati?

Anthu 15 mpaka 25 ndiye abwino. Mukapitirira pamenepo msonkhano umatalika, amayi amayamba kuchoka kukateleka mphika ndalama zisanawerengedwe, komanso simudziwananso bwino. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 kudzera ku bungwe la CARE, ndipo maziko ake ndi kudziwana: mukubwereketsa munthu amene mukudziwa munda wake, geni yake ndi khalidwe lake.

Pafunika wapampando, mlembi, msungichuma amene amasunga bokosi, ndi anthu awiri owerenga ndalama. Bokosi likhale ndi maloko atatu, ndipo makiyi asungidwe ndi anthu atatu amene sali m'komiti. Asakhale a nyumba imodzi, ndipo wina mwa iwo asakhale mlamu wake wa msungichuma. Bokosi limatsegulidwa pamaso pa gulu basi.

Sheya imodzi ikhale ndalama zingati?

Funsani munthu wosauka kwambiri m'gulu mwanu kuti angakwanitse zingati pa sabata mu Julayi, osati mu Febuluwale. Kuno ndalama zimayenda ndi nyengo. Othyola tiyi m'maesiteti, komanso alimi amene ali ndi timinda tawo ta tiyi, amaona ndalama nthawi ya mvula masamba akachuluka. Kukazizira, tiyi amachepa ndipo ena ntchito imatha. Wa nandolo amadikira mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Mukaika sheya pamwamba chifukwa mwayamba gulu nthawi ya ndalama, pofika pakati pa chaka ena adzayamba kujomba chifukwa cha manyazi, ndipo munthu wojomba ndi amene amasowanso ndi ngongole.

Tinene kuti mwagwirizana K1,000. Pa msonkhano uliwonse munthu aloledwe kugula sheya imodzi mpaka masheya asanu. Malire a masheya asanuwa ali ndi ntchito: amaletsa munthu mmodzi wa golosale kukhala mwini theka la bokosi, ena onse n'kumaopa kumutsutsa. Sheya iliyonse idindidwe m'kabuku ka mwiniwake, chidindo chimodzi sheya imodzi, ndipo mabokosi otsala pa mzere wa tsikulo adulidwe ndi cholembera kuti wina asadzadindemo pambuyo pake. Ngakhale agogo amene sanapite kusukulu amatha kuwerenga zidindo zawo.

Mtengo wa sheya usasinthe mpaka mutagawana. Mukaukweza pakati pa chaka, zidindo za Malichi ndi za Seputembala zidzakhala zosiyana mtengo koma zofanana maonekedwe, ndipo masamu a pa mapeto adzasokonekera.

Nanga thumba la zadzidzidzi ndi la chiyani?

Ndi kandalama kochepa kamene aliyense amasonkha mofanana, kaya K200 pa msonkhano, kothandizira pa maliro, pa matenda ogoneka munthu m'chipatala, kapena nyumba ikapsa. Kasungidwe m'kathumba kakekake, kosasakaniza ndi ndalama zobwereketsa. Lembani m'malamulo kuti pa vuto lililonse mupereka zingati, ndiponso kuti maliro a ndani akuwerengedwa: mwana, mwamuna, mkazi, makolo, kapena mpaka amalume. Mukapanda kulemba, mudzakangana tsiku la maliro lenilenilo.

Dziwaninso kuti thumbali limathandiza vuto likagwera munthu mmodzi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, midzi yathunthu ya kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe inakhudzidwa nthawi imodzi, ndipo kathumba ka K200 sikangapirire zoterozo. Pa tsoka la onse, gulu likhale pansi n'kugwirizana zoimitsa chiwongoladzanja kwa mwezi umodzi kapena iwiri, m'malo motsanula thumba lonse kwa atatu oyamba kufika.

Munthu angabwereke ndalama zingati?

Lamulo lodziwika ndi lakuti asapitirire katatu pa ndalama zimene wasunga. Amene ali ndi masheya 30 a K1,000 angabwereke mpaka K90,000. Koma taonani chimene lamuloli likutanthauza: munthuyo akathawa, gulu ligwira K30,000 yake, koma K60,000 ndi ya anthu ena, yapita. Choncho katatu ndi denga chabe. Sikuti aliyense wopempha ayenera kufikitsidwa pamenepo.

Kwathu timachita motere. Wolowa kumene, chaka chake choyamba, amabwereka kawiri kokha pa zimene wasunga. Amene anachedwapo kubweza, ngongole yake yotsatira imachepetsedwa. Ndipo palibe amene amatenga ngongole yachiwiri yoyamba isanathe, ngakhale atakhala wapampando. Ndinene moona, a m'komiti ndi amene amaphwanya lamuloli kawirikawiri, chifukwa anthu amachita nawo manyazi. Wapampando akafuna ngongole, achoke kaye pampando, wina atsogolere zokambiranazo.

Wopempha aimirire n'kunena pamaso pa onse: ndikufuna zakuti, ndikaoda chinanazi, kapena ndikapikula chimanga ku Limbuli, ndibweza mwa njira yakuti. Si kumuchititsa manyazi ayi. M'gulu muli anthu odziwa msika, ndipo wina angamuuze kuti, "Achemwali, sabata ino tomato wadzaza ku Bvumbwe, dikirani kaye." Ndaonapo malangizo otere akupulumutsa mpamba wa munthu.

Ngongole isapitirire miyezi itatu. Apa m'pamene anthu ogula feteleza ndi ngongole amakodwa, chifukwa chimanga chobzala mu Novembala sichibweza ndalama mu Febuluwale. Ngati mukubwereka kuti mulowetse m'munda, mukhale ndi kwina kumene ndalama yobwezera ichokere.

Chiwongoladzanja chikhale 10 kapena 20 peresenti?

Magulu ambiri amakonda 20 peresenti pa mwezi chifukwa bokosi limakula msanga. Ine ndimalimbikitsa 10. Tiyeni tione ndi ngongole ya K50,000.

Pa 10 peresenti, mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K5,000. Mayi uja akabwera ndi K25,000, ndiye kuti K5,000 ndi chiwongoladzanja, K20,000 yachepetsa ngongole, kwatsala K30,000. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa zotsalazo, ndiye K3,000. Akapereka K18,000, kwatsala K15,000. Mwezi wachitatu apereka K16,500 ndipo wamaliza. Chiwongoladzanja chonse chakwana K9,500. Munthu wogulitsa mandasi kapena usipa angathe zimenezi.

Tsopano tengani K50,000 yomweyo pa 20 peresenti, kwa munthu amene geni yamuvuta ndipo sakupereka kalikonse, gulu n'kumaphatikiza chiwongoladzanja pa ngongole. Mwezi woyamba ndi K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400. M'kope mumaoneka ngati gulu likulemera, koma ndalamayo kulibe, ndipo mwini ngongole wayamba kale kudzera njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti asakumane nanu. Pamenepo gulu lasanduka katapila kwa mamembala ake omwe.

Chilichonse chimene mungasankhe, lembani momveka zinthu ziwiri: kodi chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ngongole yonse kapena pa yotsala, ndipo kodi chosaperekedwa chikuberekanso kapena ayi. Kwathu chosaperekedwa sichibereka. Timangoika chindapusa chodziwika cha kuchedwa.

Ena amangosunga osabwereka, koma amadya nawo phindu. Tiwakakamize kubwereka?

Funso ili ndi limene limagawanitsa magulu, ndipo ndikumvetsa kuwawa kwake. Amene wabwereka kasanu pa chaka amaona kuti ndi thukuta lake limene lakulitsa bokosi. Koma ndalama imene ankabwerekayo inali ya yani? Inali ya agogo aja amene amangodinditsa masheya awo n'kukhala phee. Iwo anaika ndalama zawo pa chiswe, chifukwa wobwereka akanathawa, akanaluza ndi iwowo.

Kukakamiza kumabala ngongole zopanda ntchito. Munthu amene alibe geni amatenga ndalama, n'kuisunga m'chitini mwezi wonse, n'kudzaibweza ndi chiwongoladzanja chochokera m'thumba mwake. Ena amaidya, ena amakaipereka kwa munthu wakunja. Ngati ndalama zikungokhala m'bokosi popanda wozifuna, chizindikiro chake n'chakuti chiwongoladzanja chakwera kwambiri. Chitsitseni pa chaka chotsatira.

Magulu ena amagawa phindu potengera chiwongoladzanja chimene aliyense anapereka. Ngati mwasankha njira imeneyo, igwirizanidwe pa msonkhano woyamba, isadzatulukire mu Disembala. Koma dziwani kuti imafuna kope losamalidwa kwambiri, ndipo imakankhira anthu ku ngongole zimene sakuzifuna.

Bambo a kunyumba andipempha kuti ndiwatengere ngongole m'dzina langa. Nditero?

Mayi, dzina limene lalembedwa m'kope ndi lanu, ndipo masheya amene adzadulidwe ndi anu. Gulu silidziwa bambowo.

Chaka china mayi wina wa m'gulu mwathu anatenga K120,000 akuti akaoda nthochi ku Thyolo. Mwezi woyamba anabweretsa chiwongoladzanja chokha, ndalama zake zopindapinda za K200 ndi K500, zooneka kuti wachita kutolera. Mwezi wachiwiri anakhala kumapeto kwa mkeka, nsalu atafunda kumutu, ndipo dzina lake litaitanidwa anangoyang'ana pansi. Titamutengera pambali ndi amayi awiri achikulire, anaulula kuti ndalamayo anapatsa mchimwene wake kuti akonzetsere njinga yamoto ya kabaza, ndipo njingayo inafanso. Ine ndinali nditaona kale kuti palibe tsiku limene mayiyu anaoneka ndi nthochi pamsika, koma ndinakhala chete poopa kuoneka wamiseche. Ndikanafunsa mwezi woyamba, ngongoleyo ikanagwidwa isanakule. Kuchokera pamenepo, ngongole iliyonse yopitirira ndalama zimene munthu wasunga imafuna mboni ya m'gulu momwemo, yoti ikaone ngati katunduyo wagulidwadi.

Ngati m'banja mwagwirizanadi, nenani zoona pagulu, ndipo bambowo abwere adzamve okha tsiku lobweza.

Tingadziwe bwanji kuti zinthu zayamba kupotoka chaka chisanathe?

Pa mapeto a msonkhano uliwonse, owerenga ndalama alengeze mokweza zimene zatsala m'thumba la ngongole ndi m'thumba la zadzidzidzi, ndipo aliyense azisunge m'mutu. Pa msonkhano wotsatira, bokosi lisanatsegulidwe, wapampando afunse gulu kuti munatsala zingati. Zikasiyana ndi zimene zapezeka, musapitirire mpaka mutadziwa chifukwa.

Kamodzi pa mwezi mlembi awerenge maina a onse amene ali ndi ngongole ndi zimene zatsala. Mukamva dzina lomwelo likupereka chiwongoladzanja chokha miyezi iwiri yotsatizana, pitani mukacheze naye. Chenjeraninso ndi munthu amene amabweza ngongole yonse lero n'kupempha ina yokulirapo lero lomwelo. Kawirikawiri amakhala kuti ali m'magulu awiri kapena atatu, akubwereka uku kuti atseke uko, ndipo tsiku lina onse adzagwa naye limodzi. Ndipo mukangomva kuti wina analandira ngongole kunyumba kwa msungichuma pakati pa sabata, ngakhale ndi chifukwa cha matenda, dziwani kuti maloko atatu aja asiya kugwira ntchito.

Tisiye liti kubwereketsa?

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku logawana. Ngati mugawana sabata yoyamba ya Disembala, ngongole ya miyezi itatu yomaliza ituluke kumayambiriro kwa Seputembala. Mu Okutobala perekani za mwezi umodzi zokha, ndipo zisapitirire zimene munthu wasunga. Mu Novembala musatulutse kanthu, muzingotolera.

Masabata amenewa bokosi limalemera, ndipo mudzi wonse umadziwa. Magulu ena amasungitsa ndalamazo ku banki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Mukatero, nambala yachinsinsi isadziwidwe ndi amene akusunga foni, mauthenga a ndalama awerengedwe pagulu, ndipo kumbukirani kuti potapa pamadulidwa ndalama komanso ajenti mmodzi sangakhale ndi mamiliyoni tsiku limodzi. Muuzeni pasadakhale, mutape pang'onopang'ono. Tsiku logawana lisalengezedwe kunja kwa gulu.

Tsiku logawana timawerengetsa bwanji?

Yambani m'mawa, ndipo aliyense abwere ndi kabuku kake. Ndipereka chitsanzo cha gulu la anthu 20, sheya ya K1,000, limene lakumana masabata 48.

Choyamba, chotsani thumba la zadzidzidzi, muliwerenge, muliike pambali. Silimalowa m'masamu a masheya. Magulu ambiri amalisiya kuti liyambire chaka chatsopano.

Kenako landirani ngongole ndi zindapusa zotsala. Amene walephera kubweza, masheya ake adulidwe pa mtengo umene anagulira. Tinene kuti mayi wina ali ndi masheya 150 koma watsala ndi ngongole ya K60,000. Mlembi adula zidindo 60 m'kabuku kake pamaso pa onse, ndipo atsala ndi masheya 90. Ngongole yake yatha pamenepo.

Tsopano werengani masheya a aliyense, mwini kabuku akuona, wina wachiwiri n'kubwerezanso. M'chitsanzo chathu onse pamodzi anali 2,880, ndipo titachotsa 60 aja atsala 2,820.

Mukatero tsanulirani ndalama zonse pamkeka. Owerenga awiri aja aziunjike m'milu, ya K5,000 payokha, ya K2,000 payokha, mpaka tating'ono, ndipo aliyense awerenge payekha. Tinene kuti zakwana K3,961,300. Gawani ndalamazi ndi masheya 2,820. Yankho ndi K1,404 ndi timatambala. Musavutike ndi K4 yapamwambayo, tsitsani mtengo ufike pa K1,400. Ndiye kuti sheya imene munagula K1,000 yabereka K400.

Aliyense alandira masheya ake kuchulukitsa ndi K1,400. Wa masheya 200 alandira K280,000. Wa masheya 60 alandira K84,000. Mayi wa ngongole uja, ndi masheya ake 90, alandira K126,000, ndipo phindu la masheya 60 amene anadulidwa, pafupifupi K24,000, lamudutsa. Zonse pamodzi zikwana K3,948,000, ndipo pamkeka patsala K13,300. Imeneyo gulu ligwirizane: kugulira kope ndi inki ya chidindo, kapena kuiponya m'thumba la zadzidzidzi.

Chinthu chimodzi musachiphonye. Ndalama ya munthu aliyense iikidwe m'kabuku kake, timabuku tonse tikhale pamkeka, ndipo pasapezeke wonyamula mpaka womaliza atakwanira. Ngati pali cholakwika, chimaonekera pa kabuku komaliza, ndipo n'chosavuta kukonza ndalama zonse zikadali pamalo amodzi.

Bwanji osangowerengera ngongole zimene sizinabwezedwe, popeza ndi ndalama zathu ndithu?

Ili ndiye dzenje limene magulu ambiri amagweramo. Ndalama ya m'kope siigawika. Tinene kuti gulu lija lili ndi K300,000 imene ili kunja, mlembi n'kuiphatikiza pa K3,961,300. Sheya idzaoneka ngati yafika pa K1,500, oyamba kuitanidwa adzalandira mokondwera n'kumapita, koma omaliza adzapeza ndalama za pamkeka zaperewera. Amenewo ndi amene adzauzidwe kuti "mukatenge kwa uje", ndipo udani wake umafika mpaka kwa amfumu.

Gawanani zimene zili pamkeka zokha. Ngati ngongole ya munthu yaposa masheya ake onse, dulani onsewo, zotsalazo zilembedwe, asayine pamaso pa mboni ndi tsiku lobweza. Ikadzabwera, idzagawidwe kwa anthu omwewo potengera masheya a chaka chimenecho. Kukamulanda mbuzi kapena kumusasula malata mwa mphamvu musachite, mungapalamule mlandu ndinu. Ngati munalemba za chikole m'malamulo ndipo iye anasayina, pitani nazo kwa amfumu kapena ku khoti, chikatengedwe mwa dongosolo. N'chifukwa chake ndi bwino kuti amfumu aone malamulo anu chaka chikamayamba.

Wina akatuluka pakati pa chaka, kapena akamwalira?

Wotuluka mwa kufuna kwake abwezeredwe ndalama za masheya ake pa mtengo wogulira, atachotsa ngongole, popanda phindu. Ngati akusamuka pa chifukwa chomveka, angathe kusiya masheya ake mpaka tsiku logawana n'kudzalandira zonse.

Za imfa zikambidwe anthu onse ali moyo. Aliyense alembetse dzina la wodzalandira ndalama zake. Kuno kumene ambiri timatsata mbumba ya kuchikazi, mukapanda kulemba, mwamuna wa malemu ndi alongo ake adzafika onse awiri, aliyense akuti ndi zake. Gwirizananinso ngati ngongole ya womwalira idzadulidwa ku masheya ake kapena idzakhululukidwa. Kwathu timadula ku masheya mpaka pamene athera, chotsala timakhululuka, ndipo sitipita kukalonjerera ana amasiye.

Kodi n'kofunika kugawana mu Disembala?

Ayi. Ambiri anazolowera Disembala chifukwa cha Khirisimasi ndi fizi ya Januwale, koma taganizirani za munda. Kuno mvula yobzalira imagwa kawirikawiri mu Novembala, ndipo pofika pakati pa Disembala wofuna feteleza wokulitsa wachedwa kale. Mitengo nayo siidikira. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo magulu amene anagawana masabata otsatira anapeza katundu m'sitolo atakwera, phindu lawo lalikulu litadyeka asanaligwire.

Ngati ambiri mwa inu ndi alimi a chimanga ndi nandolo, yesani kuyamba chaka chanu mu Novembala n'kugawana kumapeto kwa Okutobala, ndalama za nandolo zitalowa, ngongole zitabwezedwa, feteleza ndi mbewu zisanayambe kulimbiranidwa. Ngati ambiri ndi a m'maesiteti a tiyi, afunseni mwezi umene m'nyumba mumauma kwambiri, ndipo tsiku logawana muliike chakufupi ndi pamenepo. Kuti musinthe, chaka chimodzi chidzakhala chachifupi, cha miyezi khumi, ndipo ngongole zomaliza za miyezi itatu zidzatuluka kumapeto kwa Julayi.